Phunziro 14: Mphatso ya Ambuya

Mau ofunika kudziwa

- kusonkha: kupereka ndalama aliyense, kuti zikhale pamodzi pa colinga cimodzi
- gawo: ndalama zimene munthu mmodzi kapena nyumba imodzi iyenera kupereka
- msungicuma: munthu amene asunga ndalama za gulu
- mlembi: munthu amene alemba zonse m'buku
- tsiku lomaliza: tsiku limene aliyense ayenera kukhala atapereka gawo lake

Werengani nkhani iyi.

1. Ambuya apita kumudzi

Mandevu ndi komboni ya mu Lusaka. Ili kumpoto kwa tauni, pafupi ndi mseu wa Great North. Makomboni oyandikana nayo ndi Chaisa ndi Marapodi. Bwalo lalikulu la mpira la National Heroes siliri kutali.

Pa puloti ina mu Mandevu panali nyumba 7 za lendi. Anthu onse anali kutunga madzi pa pompi imodzi. Anali kuitanana ndi maina a nchito zao. Panali Amai a Tomato, Atate a Minibasi, a Telala, a Kalipentala, Amai a Vitumbuwa ndi Ankolo Ometa. M'nyumba yomaliza munali kukhala mai wokalamba amene onse anali kumuitana kuti Ambuya.

Makolo akapita ku nchito, Ambuya ndiwo anali kuyang'anira ana. Anali kuwapatsa cakudya cimene amai ao anasiya. Mvula ikabwera, anali kuanula zovala za onse. Anali kusunganso makiyi a nyumba zonse. Sanapemphepo malipiro ngakhale tsiku limodzi.

Mwezi wa Juni, Ambuya ananena kuti abwerera kwao ku Katete. Mwana wao anali atawagulira kale tikiti ya basi. Basi inali kunyamuka ku Intercity Loweruka m'mamawa, patapita masabata awiri. Katete ili kum'mawa, pafupifupi makilomita 500 kucokera ku Lusaka. Mphatso yocedwa sikanawapeza Ambuya.

Pa Sondo madzulo, Ambuya ali ku mapemphero, anthu a nyumba 6 zija anakhala pansi pafupi ndi pompi.

"A neba, Ambuya sangapite cimanjamanja," anatero Amai a Tomato. "Tiyeni tisonkhe tiwagulire mphatso."

"Zoona. Aliyense apereke K50 cabe, tione zimene tingagule," anatero Atate a Minibasi.

A Telala anapukusa mutu. "Iyai, a neba. Telala sadula nsalu asanapime munthu. Tiyambe tadziwa cimene tifuna kugula ndi mtengo wake. Tikadziwa, ndiye tigawane."

2. Mphatso yanji, ndipo ndi zingati?

Anakambirana kwa kanthawi. Inali nyengo yozizira, motero anagwirizana kugula bulangeti lalikulu ndi zitenje ziwiri. A Telala anali kupita kawirikawiri ku Kamwala kukagula nsalu. Mitengo ya kumeneko anali kuidziwa bwino.

Mwana wamkulu wa Amai a Tomato anali mtsikana wa giredi 6. Iye anabweretsa buku ndi bolopeni, nayamba kulemba. Atalemba bulangeti ndi zitenje anafuna kuonkhetsa.

"Yembekeza, mwanawe," anatero Atate a Minibasi. "Nanga bulangeti lizabwera lokha ku Mandevu? Kondakitala safuna nkhani, afuna ndalama."

Onse anaseka. Anaonjezera ndalama ya basi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera. Anaonjezeranso cola coikamo mphatso. M'buku munalembedwa tere:

- Bulangeti: K400
- Zitenje ziwiri, cimodzi K60: K120
- Basi, anthu awiri, ulendo umodzi K15: K60
- Cola: K20
- Zonse pamodzi: K600

Zinthu zing'onozing'ono monga basi ndi cola ndizo zimaiwalika kawirikawiri. Zikaiwalika, munthu wotumidwa kukagula ndiye amalipira za m'thumba mwake. Pamenepo amakhala kuti wapereka kawiri.

3. Njira zitatu zogawira

"Manje tigawane. Nyumba ndi 6, ndalama ndi K600. Nyumba iliyonse K100. Yasila nkhani!" anatero a Kalipentala.

Iyi ndiyo njira yoyamba, yogawa mofanana. Ndi yosavuta kuwerengera. Imakhala bwino pamene onse anathandizidwa mofanana.

Ankolo Ometa anakweza dzanja. "Pepani, akuluakulu. Ine nilibe mwana. Amai a Tomato ali ndi ana atatu, ndipo onse analeredwa ndi Ambuya. Nanga n'cilungamo kuti tipereke cimodzimodzi?"

Kunali zii. Ena anaona ngati Ankolo aumira. Koma funso lao linali loona, ndipo kunali bwino kuti analifunsa pamaso pa onse. Dandaulo losanenedwa pa msonkhano limakanenedwa kuseri, ndipo kuseriko ndiko kumayambira ndeu.

Mtsikana uja anawerenga ana a pa puloti. Amai a Tomato anali ndi ana atatu. Atate a Minibasi, a Telala ndi a Kalipentala anali ndi ana awiriawiri. Amai a Vitumbuwa anali ndi mmodzi. Ana onse anali 10.

"Tikagawa K600 kwa ana 10, mwana aliyense ndi K60," anatero mtsikanayo. "Ndiye kuti ife tizapereka K180. Ankolo sazapereka kalikonse."

Iyi ndiyo njira yaciwiri, yogawa molingana ndi thandizo limene munthu analandira.

"Awe, K180 yanicurukira," anadandaula Amai a Tomato. "Komanso Ankolo, ndani anali kukusungirani kiyi? Ndani anali kuanula matawelo anu a kometera mvula ikabwera?"

Ankolo anaseka mwamanyazi. "Ni Ambuya. Sininakane kusonkha, amai. Ninakana cabe kufanana."

Apa a Telala anapereka njira yacitatu. "Ambuya anatithandiza pawiri. Anathandiza nyumba zonse, anathandizanso ana. Ndiye ndalama tiidule pakati. K300 igawidwe kwa nyumba 6. K300 inayo igawidwe kwa ana 10."

Mtsikana anawerengera. K300 kugawa kwa nyumba 6 inakhala K50 pa nyumba. K300 kugawa kwa ana 10 inakhala K30 pa mwana. Analemba magawo motere:

- Amai a Tomato, ana atatu: K50 + K90 = K140
- Atate a Minibasi, ana awiri: K50 + K60 = K110
- A Telala, ana awiri: K50 + K60 = K110
- A Kalipentala, ana awiri: K50 + K60 = K110
- Amai a Vitumbuwa, mwana mmodzi: K50 + K30 = K80
- Ankolo Ometa, alibe mwana: K50

"Onkhetsa tione ngati yakwana," anatero a Telala.

Mtsikana anaonkhetsa magawo onse ndipo anapeza K600. Kuonkhetsa kumeneku n'kofunika nthawi zonse. Ngati magawo onse pamodzi safika pa mtengo wa mphatso, ndiye kuti pena palakwika.

A Telala anafunsa nyumba iliyonse payokhapayokha ngati yavomera. Onse anavomera. Magawo sanali ofanana, koma aliyense anadziwa cifukwa cake gawo lake linali lotero.

4. Tsiku lomaliza

"Tizapereka tikapeza," anatero a Kalipentala.

"Basi ya ku Katete siyembekeza munthu," anayankha Atate a Minibasi. "Tiike tsiku."

Sanangochula tsiku lililonse. Anayambira pa tsiku la ulendo wa Ambuya, nawerenga cobwerera m'mbuyo.

- Loweruka: Ambuya anyamuka m'mamawa.
- Lacisanu: kupereka mphatso madzulo, onse atabwera ku nchito.
- Lacinai: kupita ku Kamwala kukagula.
- Lacitatu: tsiku losiyira mavuto osayembekezeka.
- Laciwiri: tsiku lomaliza kusonkha, nthawi ya 18 koloko.

Anachula ndi ola lomwe. Mau akuti "madzulo" sakwanira, cifukwa kwa wina madzulo ndi dzuwa likamalowa, kwa wina ndi nthawi yogona.

Kucokera pa Sondo ya msonkhano kufika pa Laciwiri la sabata yaciwiri panali masiku 9. Anthu ambiri pa pulotiyo sanali kulandira malipiro a pamwezi. Anali kupeza ndalama pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Cifukwa ca ici anagwirizana kuti munthu angathe kupereka gawo lake kawiri kapena katatu, malinga amalize tsiku lisanakwane.

Anasankha a Telala kukhala msungicuma, popeza anali kusokera panyumba tsiku lonse. Mtsikana uja anakhala mlembi. Anacita dala kusankha anthu a nyumba zosiyana. Wosunga ndalama akakhala yemweyo wolemba, palibe amene angaone ngati walakwitsa.

Anapangananso zinthu zina zitatu. Wotumiza ndalama pa foni aonjezere yotapira, cifukwa potapa pa kabuthi amadulako. Mitengo ikapezeka kuti yakwera, agule citenje cimodzi m'malo mobwerera kudzasonkhetsanso. Ndalama ikatsala, apatse Ambuya ya cakudya ca panjira.

Mlembi analemba kapepala ka nyumba iliyonse. Ka Atate a Minibasi kanali kotere:

*Atate, tisonkha ndalama ya mphatso ya Ambuya. Tigula bulangeti, zitenje ziwiri ndi cola. Zonse pamodzi ndi basi ndi K600. Nyumba iliyonse ipereka K50, ndi K30 pa mwana aliyense. Gawo lanu ndi K110. Perekani kwa a Telala lisanapite Laciwiri la sabata yamawa, nthawi ya 18 koloko. Conde musauze Ambuya. Zikomo.*

5. Amene analibe zokwanira

Lacisanu m'mawa Amai a Vitumbuwa anapita kwa a Telala. Anali amasiye, ndipo sabata imeneyo malonda sanayende. Analankhula motsitsa mau.

"A neba, nili cabe ndi K60. K20 yotsala siningakwanitse. Lendi nayo ili pafupi. Kapena municotsemo cabe."

"Iyai, amai, sitingakucotseni. Mwana wanu anaphunzira kuyenda atagwira citenje ca Ambuya," anatero a Telala. "Tiyeni tiganize."

Amai aja anakumbukira kuti anali ndi cola catsopano cacikulu, ca zipi, cimene anali asanacigwiritsepo nchito. Anapita kukacitenga. Cinali ngati comwe gulu linafuna kugula pa K20.

A Telala anaitana mlembi. Iye analemba kuti: *Amai a Vitumbuwa, K60 ndi cola ca K20. Amaliza.* Tsopano ndalama yofunika m'manja inatsika kucoka pa K600 kufika pa K580, popeza cola cinali citapezeka kale. Palibe amene anaonjezeredwa gawo, ndipo amai aja sanacititsidwe manyazi pagulu.

6. Buku ndi citini

A Telala anali kusunga ndalama m'citini cokhala ndi civundikiro. Aliyense akapereka, mlembi anali kulemba tsiku ndi ndalama, woperekayo n'kusaina pambali pake. Atate a Minibasi anatumiza zao pa foni pamodzi ndi yotapira. A Telala anakatapa tsiku lomwelo, naika K110 m'citini.

Lolemba mlembi anazungulira nyumba zimene zinali zisanamalize. Sanafuule pabwalo. Anagogoda pacitseko, nagwada, nati, "Atate, anituma kuti nikukumbutseni. Tsiku lomaliza ni mailo."

Laciwiri nthawi ya 18 koloko, a Telala ndi mlembi anatsegula citini pamaso pa Ankolo Ometa. Buku linaonetsa kuti nyumba 5 zamaliza. A Kalipentala anali atapereka K60 yokha. Mlembi anaonkhetsa: K140, K110, K110, K60, K60 ndi K50. Anapeza K530.

A Telala anawerenga za m'citini. Anapeza K540. Anawerenganso kaciwiri, koma inali K540 ndithu.

"Ah, zabwino! Ndalama yabala mwana," anaseka Ankolo.

"Si zabwino. Buku ndi citini ziyenera kunena cimodzi," anatero a Telala. "Ndalama ikacepa, ndiye kuti ina yasowa. Ikacuruka, ndiye kuti tasunga ya mwini wake."

Anabwerera m'buku mzere ndi mzere, kukumbukira mmene aliyense anaperekera. Atafika pa mzere wa Amai a Tomato, mlembi anaomba m'manja. "Nakumbukira! Amama anabweretsa K150. Munalibe cenji, ndiye munati muzawapatsa K10 mailo lake."

Anatenga K10 nakapereka kwa mwini wake nthawi yomweyo. Tsopano buku linati K530, citini naconso K530. Panatsala K50 ya a Kalipentala kuti ikwane K580.

A Telala anapita okha kwa a Kalipentala.

"Pepani, a neba. Kasitomala wanga wa tebulo sananilipire. Wati mailo m'mawa," anatero a Kalipentala.

"Cabwino. Tikuyembekezani mpaka mailo pa 18 koloko. Ikapanda kubwera, Lacinai tizagula citenje cimodzi cabe. Sitingatenge nkongole m'dzina la gulu, cifukwa sitinapangane zimenezo."

Lacitatu masana a Kalipentala anabwera ndi K50, utuci uli mbuu kumutu. Tsiku lija losiyira mavuto linagwira nchito yake.

7. Kugula ndi kupereka

Lacinai a Telala ndi Amai a Vitumbuwa anakwera minibasi kupita m'tauni. Kucoka pa sitesheni anayenda pansi mpaka ku Kamwala. Analowa m'masitolo atatu asanagule. M'sitolo yacitatu ananenerera mpaka bulangeti linatsika kufika pa K370. Zitenje anagula pa K120, ndipo basi inadya K60. Anapempha lisiti pa zonse zimene anagula.

Madzulo anaitana nyumba zonse. Mlembi anawerenga mokweza: "Tinali ndi K580. Tagwiritsa nchito K550. Yatsala K30." A Telala anaonetsa malisiti ndi K30 yotsalayo. Palibe anakangana za cotsalaco, cifukwa anali atapangana kale kuti n'ca Ambuya.

Mlembi analemba maina a nyumba zonse 6 pa pepala loyera, pamodzi ndi maina a ana 10. Sanalembe kuti uyu anapereka zingati. Ndalama zinalembedwa m'buku la gulu, koma mphatso inali ya onse mofanana.

Lacisanu madzulo anayala mphasa pabwalo. Amai awiri anagwada napereka cola kwa Ambuya ndi manja awiri. Ambuya anatulutsa bulangeti, nalifunda pomwepo. Anapempha mlembi kuti awawerengere maina. Dzina lililonse likachulidwa, anali kuomba m'manja.

"Ana anga, ku Katete kuzizira, koma ine sinidzamva mphepo," anatero Ambuya, misozi ili m'maso.

Loweruka kusanace, Atate a Minibasi ananyamula katundu wa Ambuya ndi kuwaperekeza ku Intercity.

A. Yankhani mafunso awa.

1. Kodi Ambuya anali kuthandiza bwanji anthu a pa puloti? Chulani zinthu zitatu.
2. N'cifukwa ciani a Telala anakana kuyamba kusonkha mtengo usanadziwike?
3. Ankolo Ometa anadandaula ciani pa njira yoyamba?
4. Amai a Tomato anadandaula ciani pa njira yaciwiri?
5. N'cifukwa ciani tsiku lomaliza linali Laciwiri, osati Lacisanu?
6. Kodi K10 yoonjezera m'citini inacokera kuti?
7. N'cifukwa ciani msungicuma ndi mlembi anali a nyumba zosiyana?

B. Lembani *zoona* kapena *zabodza*.

1. Ndalama ya basi inawerengedwa pa mtengo wa mphatso.
2. Amai a Vitumbuwa anacotsedwa pagulu.
3. Ndalama ya m'citini ikaposa ya m'buku, palibe vuto.
4. Pa pepala la Ambuya panalembedwa maina okha.

C. Malizitsani ziganizo ndi mau awa: *gawo, mlembi, lisiti, cenji, msungicuma*

1. A Telala anali ________ wa gulu.
2. ________ la Ankolo Ometa linali K50.
3. Pogula m'sitolo, pemphani ________.
4. ________ analemba zonse m'buku.
5. Amai a Tomato analandira ________ ya K10.

D. Werengerani.

1. Ana 8 afuna kugulira mnzao wodwala zipatso za K96. Agawana mofanana. Aliyense apereka zingati?
2. Nyumba 4 zifuna mphatso ya K400. M'nyumbazo muli ana 10. Theka la ndalama ligawidwa kwa nyumba, theka kwa ana. Nyumba ya ana atatu ipereka zingati?
3. Buku lionetsa K275, koma m'citini muli K255. Kusiyana ndi zingati? Chulani zinthu ziwiri zimene zingacititse zimenezi.

E. Kambiranani m'magulu.

Pa njira zitatu zija, ndi iti imene ikanakhala yabwino Ambuya akanakhala kuti sanali kuyang'anira ana? Perekani cifukwa.

F. Lembani.

Gulu lanu la mpira lifuna kugulira mphunzitsi wa masewera mphatso. Mphatsoyo idzaperekedwa Lacisanu. Lembani kapepala kouza anzanu. Muikemo zinthu zisanu izi: cimene mugula, mtengo wonse, gawo la aliyense, wolandira ndalama, ndi tsiku lomaliza pamodzi ndi ola lake.